Mlonda asagonthe cifukwa cothawa tulo

Pitani mu Kabulonga, mu Rhodes Park kapena ku malo a mafakitale nthawi ya 02:00 usiku, mudzaona cinthu cimodzi pafupifupi pa geti iliyonse. Kanyumba ka mlonda, mkati muli munthu wovala jekete yaikulu ndi cisote ca ubweya, ndipo pansi pa cisoteco pacoka tumawaya tuwili tolowa m'thumba. Mabwana ambili amaletsa zimenezi. Ati mlonda wa mahediseti ndi mlonda wogona. Alonda nawo amayankha kuti popanda nyimbo sangafike m'mawa maso ali gwa. Ndiye lamulo lilipo, koma cisote cilinso pomwepo, ndipo aliyense amacita monga sanaone.

Ine ndikuti onse awili alakwa pang'ono. Nyimbo zimathandiza, ndipo kuziletselatu ndi kusamvetsa mmene usiku ulili kwa munthu wogwila nchito yokhala pamalo amodzi maola 12. Koma mmene anthu ambili amazimvela, m'makutu onse awili, mokweza, kuyambila 18:00 mpaka 06:00, ndiyo njila imene siletsa tulo koma imadya makutu. Ndidzakamba kwambili za mlonda cifukwa kwa iye khutu ndilo cida ca nchito, kuposa ndodo ndi tochi. Koma anamwino, ophika buledi usiku, ndi oyendetsa magalimoto a mtunda wautali angatolepo zao.

Coyamba timvetse mdani. Tulo ta usiku situcokela ku ulesi. Thupi lili ndi koloko yake, ndipo kolokoyi imatsitsa zonse pakati pa 03:00 ndi 05:00. Kutentha kwa thupi kumafika pansi kwambili, n'cifukwa cake mumamva mphepo m'mafupa nthawi imeneyo ngakhale mu Okutobala. Maganizo amacedwa, maso amalema. Ngakhale munthu amene anagona bwino masana amamva kugwa kumeneku. Manje ganizilani mlonda wa ku Kanyama kapena ku Chawama amene masana anagona maola anai cabe, cifukwa malata atentha, ana a neba asewela pa windo, ndipo cigayo ca kuseli cikulila. Munthu uyu amafika pa nchito ali kale ndi nkhongole ya tulo.

Kodi nyimbo zingalipile nkhongoleyi? Iyai. Mu 1998, akatswili awili a za tulo ku yunivesiti ya Loughborough ku Mangalande, Louise Reyner ndi Jim Horne, anatenga acinyamata amene sanagone mokwanila n'kuwaika m'galimoto yoyeselela kuyendetsa. Anayesa kuwatsegulila wailesi ndiponso kuwauzila mphepo yozizila kumaso. Anapeza kuti wailesi inacepetsako pang'ono kupatuka pamseu, makamaka m'theka la ola loyamba, koma pambuyo pake thandizo lake silinaoneke. Cimene cimandiopsa ine m'zimene anapeza ndi ici: amene anali kumvela wailesi anali kudzimva kuti ali maso, pamene mafunde a ubongo wao anali kuonetsa tulo monga kale. Nyimbo imakunamiza. Imakuuza kuti uli bwino pamene mutu wayamba kale kuzima.

Conco nyimbo ndi monga kukankha galimoto imene batile yafooka. Mungaikankhe ifike pa galaji, koma simungaikankhe mpaka ku Chipata. Mphamvu yake ili m'mphindi zoyamba, pamene khutu lamva cinthu catsopano ndipo thupi ladzidzimuka. Ikangopitilila, ubongo umaizolowela n'kuikankhila kumbuyo. Funsani anthu okhala pafupi ndi njanji ku Misisi kapena ku Kamwala ngati sitima imawadzutsa. Mlendo ndiye amadzuka. Cimodzimodzi mlonda amene watsegula nyimbo pa 18:00: ikamafika 03:00, nthawi imene akuifunadi, yasanduka kale monga kulila kwa filiji. Ndiye amacita ciani? Amakweza. Ikazolowelekanso, amakwezanso. Apa ndipo makutu amayambila kulipila.

Ndiye ngati mufuna kuti nyimbo ikugwileni nchito, muziisunga. Muzimvela mphindi 15 kapena 20, n'kuzimitsa, n'kuyenda kuzungulila yadi muli zii. Kukhala cete kuja ndiko kumabwezela nyimbo mphamvu yake.

Nanga nyimbo yake iti? Apa ndikamba maganizo anga, ndipo okonda nyimbo angandikane. Nyimbo yabwino ya usiku ndi imene mumaidziwa, mumaikonda, ndipo imakupangitsani kusuntha phazi. Kalindula ndi yabwino pa nchitoyi cifukwa besi yake siilola munthu kukhala phee, ndipo nyimbo za akatswili monga malemu P.K. Chishala kapena gulu la Amayenge zimakhala ndi nkhani ndi kuyankhana, mwakuti mutu umatsatila. Magitala a Paul Ngozi nawonso sagoneka munthu. Koma cacikulu si dzina la woimba. Cacikulu ndi cakuti inu muimbeko. Munthu amene akungomvela angawodzele nyimbo ili mkati, koma amene akuimba, ngakhale cong'ung'udza, akugwilitsa nchito mpweya, milomo ndi cikumbumtima, ndipo tulo tumavutika kulowa. Makolo athu polonda m'munda kapena posinja sanali kumvela nyimbo, anali kuimba. Mlonda woimba cansipansi akuyenda, kwa ine, ali maso kuposa wokhala pa mpando ndi mahediseti a mtengo.

Zimene ndingapewe pa 03:00 ndi ziwili. Yoyamba ndi nyimbo zakwaya zoyenda pang'onopang'ono, zija zotonthoza mtima. Amai a ku chalichi mundikhululukile, sindikunyoza, koma nyimbo zimene timaimba kuti mtima ukhale pansi zimaukhazikadi pansi, ndipo mutu umatsatila. Ngati mufuna zauzimu, tengani zovina. Yaciwili ndi zija zosakaniza za ola lathunthu za amapiano, zimene ng'oma yake ndi imodzimodzi kuyambila poyamba mpaka pothela. Mu kilabu zimagwila cifukwa muli anthu, malaiti ndi kuvina. M'kanyumba ka mlonda, uli wekha, kugunda kofanana kosalekeza kuli monga minibasi yoyenda pa tala yosalala: umangoona wafika pa Kulima Tower osadziwa kuti unagona poti. Bwino kusintha: kalindula imodzi, rumba imodzi, ya acinyamata a masiku ano imodzi. Wailesi imaposa nyimbo za pa memole kadi pa cifukwa comweci. Sudziwa cimene cibwela, ndipo mau a muulutsi akalowa, umamva monga pali mnzako.

Koma pali nthawi imene nyimbo iyenela kuzimitsidwa ngakhale ikoma bwanji, ndiyo pamene nchito ili ya mau kapena ya manambala. Mutu wa munthu ukamasunga nambala kwa kanthawi, umainena camumtima. Thilaki yaima pa geti, mwawelenga nambala yake, mukuyenda kupita ku buku: m'masitepe khumi amenewo mukuibweleza m'mutu. Mau a woimba amalowa pa khomo lomwelo n'kusokoneza ndandanda. Mulemba 4721 m'malo mwa 4271, ndipo mawa katundu akasowa, buku lanu ndilo umboni. Ofufuza anaona kale kuti nyimbo zokhala ndi mau zimasokoneza kusunga manambala kuposa za zoimbila zokha. Ena amati, basi ndizimvela rumba ya Cilingala, pakuti sindimva zimene akamba. Zili ndi zoona pang'ono. Powelenga nkhani kapena malangizo, cinenelo cimene mumamva ndico cimakoka maganizo kwambili, conco Franco sangakusokonezeni monga woimba wa Cinyanja. Koma pa kusunga manambala, mau ndi mau, kaya muwamva kaya simuwamva. Ndiye namwino akamawelengela mankhwala a mwana, wa pa thilu akamawelenga ndalama, mlonda akamalemba m'buku, cala cipite pa batani coyamba. Ndi nkhani ya mphindi ziwili cabe.

Manje tibwele ku makutu, kumene kuli nkhani yaikulu. Mkati mwa khutu muli kacinthu kopindika monga nkhono, ndipo m'menemo muli timaselo ting'onoting'ono tokhala ndi tumatsitsi, timene timasandutsa phokoso kukhala uthenga wopita ku ubongo. Phokoso lalikulu limatitopetsa, likapitilila limatipha, ndipo mwa munthu tikafa sitimelanso. Kulibe jekeseni ku UTH kapena kwina kulikonse imene ingatibweze. Kuipa kwake n'kwakuti sikupweteka. Dzino limacenjeza, khutu limangopita mwakacetecete.

Phokoso amaliyeza m'madesibelo. Anthu awili akamaceza bwinobwino, ndi pafupifupi 60. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati munthu wamkulu angamvele phokoso la madesibelo 80 kwa maola 40 pa sabata popanda ngozi yaikulu. Muganizile monga bandulo ya pa foni ya sabata imodzi. Koma bandulo iyi ili ndi msampha: mukakweza ndi madesibelo 3 cabe, imatha mofulumila kawili. Pa 83 muli ndi maola 20. Pa 86, maola 10. Mukafika pa 95 mwatsala ndi ola limodzi ndi mphindi 15, ndipo pa 100 ndi mphindi 20 zokha, sabata yonse. Madesibelo 3 khutu limangowaona monga kakusintha kocepa, kabatani kamodzi pa foni. Ndipo mafoni ambili ndi mahediseti, mukakweza mpaka kumapeto, amafika pa 100 kapena kupitilila.

Tiyeni tiwelengele limodzi. Titenge mlonda wogwila mausiku 6 pa sabata, maola 12 usiku uliwonse. Ndi maola 72. Tinene kuti mahediseti amakhala m'makutu maola 10 pa usiku, ndiye maola 60 pa sabata. Ngakhale atamvela pa 80 penipeni, wadutsa kale malile ndi maola 20. Koma munthu wolimbana ndi tulo samvela pa 80. Tinene wafika pa 86, pamene iye aona monga ndi pakati cabe. Bandulo yake ya sabata ndi maola 10, ndiye kuti imatha usiku woyamba. Mausiku 5 otsalawo akudya za m'nkhokwe, ndipo pa sabata wamva phokoso lopitilila muyezo kasanu ndi kamodzi. Sitinawelengele minibasi ya m'mawa imene kondakita waika sipika pansi pa mpando wake, kapena masipika a ku chalichi pa Sondo. Khutu silisiyanitsa kuti ili ndi phokoso la nchito, ili la mapemphelo. Zonse zimacoka pa bandulo imodzi.

Ndiye malaiti akapita, jenseti n'kuyaka. Mumadziwa kumene jenseti amaiika m'mayadi ambili ndi m'mashopu: kutali ndi windo ya bwana, pafupi ndi kanyumba ka mlonda. Kuti nyimbo imveke pamwamba pa jenseti, iyenela kuiposa. Mlonda amakweza mpaka foni imufunse ngati afunadi kupitilila, iye n'kuvomela. Maola awili a conco pa 95 adya kale sabata yathunthu ndi theka la ina. Cimene cimapusitsa ndi cakuti iye samva kuti nyimbo yakwela, cifukwa akuiyelekeza ndi jenseti. Jenseti ikazima mwadzidzidzi ndi pamene amadabwa kuti kodi zonsezi zinali m'mutu mwanga?

Manje onani mnzake amene waika foni pa thebulo, nyimbo ikutuluka pa sipika pa mlingo wakuti munthu akamulankhula amamva osatsitsa. Tinene ndi madesibelo 71. Potsika, masamu aja amatembenuka: pa 77 ndi maola 80, pa 74 ndi 160, pa 71 ndi 320. Sabata ili ndi maola 168 cabe. Uyu angamvele mmene afunila, bandulo yake siingathe. Nyimbo ndi zomwezo, usiku ndi womwewo, kusiyana kuli pa mtunda pakati pa sipika ndi khutu ndiponso pa kabatani.

Palibe mlonda amene amayenda ndi makina oyezela phokoso, ndiye mudziwa bwanji? Njila yapafupi ndi dzanja. Ngati munthu waima pa mtunda wa mkono umodzi ndipo afunika kukweza mau kuti mumumve, phokoso lili pafupi ndi 85 kapena kuposa. Pa foni, musapitilile magawo 6 mwa 10 a voliyumu. Mafoni ambili ali ndi masitepe 15, ndiye malile ndi sitepe ya 9, ndipo kwa munthu womvela maola ambili ndingakonde atsike kuposa apo. Amene ali ndi Samsung angakhome malilewo pa `Media volume limit`, a iPhone apite pa `Headphone Safety`. Khomani madzulo mutu ukali bwino, cifukwa munthu wa pa 03:00 si munthu womudalila pa zosankha.

Palinso mayeso ena amene aliyense angacite. Poweluka m'mawa, zimitsani nyimbo osatsitsa voliyumu. Madzulo mutagona, valani mahediseti n'kutsegula pomwe munasiyila. Mukadzidzimuka kuti yakwela kwambili, dziwani kuti usiku makutu anu anali atatopa, ndipo munali kukweza kuti muwathamangitse. Zizindikilo zina ndi kulila kwa m'khutu monga nyenje pamene mwagona, ndi kumva mau a anthu monga muli ndi thonje m'makutu. Poyamba zimatha pakapita maola kapena tsiku. Zikamabwela sabata iliyonse, tsiku lina sizidzacoka. Ndipo cimene cimayamba kupita ndi tumau tosongoka twapamwamba. Munthu amamva kuti mkazi wake akulankhula, koma pa msika kapena m'basi satola mau ake bwino, n'kumati anthu a masiku ano amalankhulila m'kamwa. Kwa mlonda, tumau tomweto ndito twa waya ukudulidwa, loko ikukhudzidwa, phazi likuponda masamba ouma. Akayamba kumva zizindikilozi apite ku cipatala akamupime makutu, asadikile.

Ndamva alonda ambili akunena kuti, "Ine nimavala kumodzi cabe, kwina nimvelela ku geti." Nzelu yake ikumveka, koma ili ndi mabowo awili. Nyimbo yomvela khutu limodzi imamveka yocepa kuposa ya makutu awili, ndipo phokoso la kunja likulowa mbali inayo, conco munthu amakweza, ndipo khutu limodzilo limasenza katundu yense. Bowo laciwili ndi loopsa pa nchitoyi. Ubongo umadziwa kumene phokoso lacokela poyelekeza makutu awili: liti lamva coyamba, liti lamva kwambili. Mukatseka limodzi, mungamve kuti cinthu cagwa, koma simudziwa ngati ndi kumpanda wa kumbuyo kapena ku galaji. Mlonda amene wathamangila kolakwika, kapena amene watembenukila msana kumene kuli munthu wa cikwanje, angataye zambili kuposa nchito. N'cifukwa cake ndikuti pa geti, sipika yotsika ndiyo yoyenela, mahediseti iyai.

Wina adzati, nanga wailesi ya pa foni siigwila popanda mahediseti. Zoona, pa mafoni ambili waya wa mahediseti ndiwo mlongoti wa wailesi. Koma sikuti muyenela kuwaika m'makutu. Alowetseni mu foni, muwasiye alendewele, ndipo pa wailesipo sankhani kuti mau atulukile pa sipika. Ngakhale tumafoni twa mabatani tambili tuli ndi posankha pamenepo. Ndipo potuluka kukazungulila yadi, zimitsani. Nyimbo yoyenda nanu imauza wakuba kumene muli.

Amene amagwila m'fakitale kapena mu bekale momwe makina akulila, nkhani yao ndi ina. Kumeneko cofunika ndi zotseka makutu, osati nyimbo. Kulowetsa mahediseti pansi pa zotseka zija n'kukweza ndi kuvala jombo n'kuthilamo madzi. Komanso folokolifiti ikamabwelela kumbuyo imalila kuti muimve. Nyimbo zanu zisungileni nthawi yopuma.

Ndiye usiku wa mlonda ndingaugawe conco. Kuyambila 18:00 mpaka ca m'ma 23:00 nyimbo siifunika. Anthu akulowa ndi kutuluka, agalu akuuwa, tulo tukali kutali. Musawononge mankhwala musanadwale. Pakati pa usiku mpaka 02:00, wailesi yotsika ingakhale yoceza nayo, koma muziizimitsa pa ulendo uliwonse wozungulila. Ngati mumwa khofi kapena tiyi wamphamvu, ino ndiyo nthawi yake, cifukwa khofi amatenga mphindi 20 kapena 30 kuti agwile, ndipo theka lake limakhala m'thupi maola pafupifupi 5. Mukamwa pa 05:00, mudzakhala maso pa bedi pa 08:00, ndipo usiku wotsatila mudzabwela ndi nkhongole yaikulu kuposa ya lelo. Kuyambila 03:00 mpaka 05:00 ndiyo nkhondo. Apa tulutsani nyimbo zanu zija munasunga, zinai kapena zisanu, muimilile, muimbeko, mphindi 15, n'kuzimitsa n'kuyenda. Mubwelele, mucitenso ndi nyimbo zina. Mukaonkhetsa, nyimbo zenizeni zolimbana ndi tulo sizikwana ngakhale ola ndi theka pa usiku. Kukayamba kuyela, kuwala kudzakuthandizani kuposa woimba aliyense.

Pano ndipatukeko pang'ono, pakuti mu Juni ndi Julai mbaula imalowa m'tunyumba twa alonda. Makala oyaka m'kacipinda kotseka amatulutsa mpweya wakupha wosaoneka ndi wosanunkha, ndipo zizindikilo zake zoyamba ndi mutu kuwawa, cizungulile ndi tulo. Tulo ta mtundu umenewo musalimbane nato ndi kalindula. Tulukani panja, ndipo mbaula izikhala kumene mphepo ipita.

Mudziwa bwanji kuti nyimbo yalephela? Nyimbo yomweyo ndiyo idzakuuzani. Ngati mwazindikila kuti nyimbo ina ili pakati koma simukumbuka pamene inayamba, kapena muulutsi akumaliza nkhani imene ciyambi cake simunamve, ndiye kuti munagona, ngakhale maso anali otsegula. Ndi tulo twa masekondi ocepa tumene mwini wake sakudziwa. Supavaiza akamupeza, mlonda amalumbila kuti, "Sininagone, bwana, nenze kumvela cabe nyimbo," ndipo nthawi zina sakunama, sadziwa cabe. Pa geti masekondi amenewo angadutse popanda kanthu. Pa mseu wa ku Kabwe ndi nkhani ina. Thilaki yothamanga makilomita 80 pa ola imayenda mamita 22 pa sekondi imodzi, ndiye masekondi 4 ndi mamita pafupifupi 90, pafupi ndi utali wa bwalo la mpila, popanda woyendetsa. Dalaivala amene wayamba kuphonya ziyambi za nyimbo asakweze wailesi. Afune poima.

Mankhwala enieni a tulo ndi tulo. Akatswili omwe aja a ku Loughborough anapeza kuti khofi ndi kugona kwa mphindi pafupifupi 15 zimathandiza kwambili kuposa wailesi ndi mphepo. Kugona kwake kukhale kwakufupi, cifukwa mukapitilila theka la ola mumalowa m'tulo tozama, n'kudzuka mutu uli wolema kuposa poyamba. Apa ndipo ndifuna kulankhula ndi eni makampani a alonda ndi eni mayadi. Pamalo pamene pali alonda awili, kulola mmodzi kutseka maso mphindi 20 mnzake ali maso, pa nthawi yodziwika ndi yolembedwa m'buku, kuli bwino kuposa kuti onse awili aziwodzela mobisa. Ndidziwa kuti mau akuti mlonda agone amamveka monga nthabwala kwa amene alipila. Koma akugona kale, bwana, kungoti inu simusankha nthawi yake.

Ndipo m'malo molanda mafoni, lembani lamulo limene munthu angasunge: mahediseti iyai, kawailesi kotsika inde, kozimitsa pozungulila ndi polemba m'buku.  Supavaiza akabwela usiku, aime pa khomo la kanyumba alankhule ndi mau wamba. Mlonda akayankha osagwila batani, voliyumu ili bwino. Ndipo inu a m'mayadi, mawa m'mawa mukapime masitepe kucoka pa jenseti yanu kufika pa mpando wa mlonda. Pabwalo, mukawilikiza kawili mtunda, phokoso limatsika ndi madesibelo pafupifupi 6, ndiye kuisuntha kucoka pa mamita 2 kupita pa mamita 8 kumacotsa pafupifupi 12. Cimene cifunika ndi waya wotalikilako, ndipo ngati jenseti siingasunthe, sunthani mpando.